Nsapato ya kaunjika pa tsamba loyera mbee: zomwe Canva imatha ndi zomwe singathe

Chithunzi cha katundu chojambulidwa pa benchi mumsika chimadziwika ndi kale. Nsapato ili pakati, inde, koma kumbuyo kwake kuli thumba la salu, phazi la munthu wodutsa, jumbo yomwe mphepo yabweretsa, ndi theka la nsapato ina yomwe sikugulitsidwa nawo pa mtengo umenewo. Wogula akachiwona pa WhatsApp maso ake amayamba ayendayenda kaye asanapeze chomwe mukumutsatsa, ndipo ambiri amakhala adutsa kale. N'chifukwa chake masitolo a pa intaneti amaika katundu pa tsamba loyera lopanda kanthu. Amazon inachita kuika lamulo: chithunzi choyamba cha katundu chikhale ndi kumbuyo koyera kwenikweni, ndipo katunduyo adzaze pafupifupi 85 peresenti ya chithunzicho. Ife sitigulitsa pa Amazon, koma muyezo umenewu ndi wabwino kuubwereka.

Canva, pulogalamu ya ku Australia yomwe inayamba mu 2013, imatha kuchotsa zakumbuyo zonsezo ndi batani limodzi, pa foni pomwepo. Anthu ambiri amathera pamenepo kufotokoza, ngati kuti ntchito yonse ndi batanilo. Maganizo anga ndi akuti batanilo ndi gawo laling'ono. Chithunzi chimakoma kapena kuipa pa nthawi yojambula, ndipo zomwe zimachitika mu Canva n'kungomalizitsa. Nditenga chitsanzo chimodzi kuti tiyende nacho mpaka kumapeto: nsapato yothamangira ya m'belo, yakuda pamwamba, ya soli yoyera, ya zingwe zoyera, saizi 42. Ndaisankha dala chifukwa ili ndi zonse zomwe zimasokoneza pulogalamuyi.

Tiyambe ndi kuwala. Mabenchi ambiri m'misika yathu amafoleredwa ndi lona kapena pepala la pulasitiki labuluu. Dzuwa likadutsa pa lona limeneli, kuwala konse kwa pansi pake kumasanduka kwabuluu. Maso athu amazolowera, sitiwona vuto, koma kamera imajambula zomwe zilipodi. Soli yoyera ija imatuluka yobiriwirako, ndipo mukaiika pa tsamba loyera mbee kusiyanako kumaonekera poyera, nsapato imakhala ngati yachita nkhungu. Pa dzuwa lenileni la masana pali vuto lina: mbali imodzi imawala mpaka ulusi wosokera osaoneka, mbali ina imada bii, ndipo pansi pamagwa chithunzithunzi chakuda cha m'mphepete mokuthwa chomwe Canva nthawi zina imachiyesa mbali ya nsapato n'kuchisiya. Malo abwino ndi mthunzi wopanda mtundu: pakhonde la sitolo, m'mbali mwa khoma lomwe dzuwa silikufikapo, kapena pafupi ndi khomo lotsegula, kuwala kukubwera cham'mbali. Tsiku la mitambo ndiye labwino koposa. Mthunzi wa mtengo wa mango umanyenga, chifukwa masamba amadontheza timadontho ta dzuwa pa katundu komanso amapaka kubiriwira. Fulashi ya foni izimitsidwe.

Ngati mbali yakutali ndi kuwala ikuda kwambiri, imikani katoni yomatidwa pepala loyera mbali imeneyo, pafupi ndi nsapato koma kunja kwa chithunzi. Pepalalo limabweza kuwala ndipo mdimawo umapepuka. Palibe batani mu Canva lomwe lingachite zimenezi bwino ngati katoni imeneyi.

Tsopano funso lomwe ambiri amalakwitsa: muike chiyani kumbuyo pojambula? Nzeru yoyamba imati, popeza tikufuna zoyera, tijambulire pa nsalu yoyera. Pa nsapato yathuyi zimenezi n'zolakwika. Pulogalamu yochotsa zakumbuyo imafufuza malire pakati pa katundu ndi zomuzungulira. Soli yoyera pa nsalu yoyera ilibe malire ooneka, choncho imadyedwa m'mphepete, mwina chidendene chonse kusowa. Nsalu yofiira kapena chitenje chamaluwa sizithandizanso, chifukwa mtundu wake umanyezimira pa soli n'kusiya kamzere kofiirira komwe kamatsala ngakhale nsaluyo itachotsedwa. Ngakhale katoni yakhaki imachita zomwezo pa zinthu zoyera. Chofunika ndi chinthu cha mtundu wa phulusa, chosanyezimira, chopanda makwinya: nsalu yotuwa yositidwa bwino, kapena simenti yosalala yosesedwa. Pa mtundu wa phulusa, chakuda chimaoneka, choyera chimaonekanso. Katundu wakuda yekhayekha kapena wamitundu yowala, monga chikwama cha chitenje, ameneyo mungamujambulire pa pepala loyera popanda vuto.

Foni musaiyandikize. Kamera ya foni imaona motambalala, ndiye mukafika nayo pafupi chala cha nsapato chimakula, chidendene n'kuchepa, saizi 42 kuoneka ngati bwato. Bwererani m'mbuyo pafupifupi mita imodzi, mugwade kuti foni ikhale yofanana msinkhu ndi nsapato kapena yokwererapo pang'ono. Ena amaopa kuti nsapato ichepa m'chithunzi. Tiyeni tiwerengere. Foni yojambula mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo, timadontho tomwe timapanga chithunzi, pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Nsapato ikatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a litalilo, ndiye kuti ili ndi mapikiselo oposa 1300, pomwe pa tsamba lomwe tipange tifunika 920 okha. Malo alipo okwanira. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu yofewa musanajambule, chifukwa foni yokhala m'thumba limodzi ndi ndalama imakhala ndi mafuta a zala, ndipo chifunga chimenecho sichichotseka pambuyo pake. Dinani pa nsapato pa sikirini kuti kamera ilunjike pamenepo.

Zingwe zikonzedwe musanajambule. Chingwe cholendewera chimapanga timipata ting'onoting'ono momwe simenti imaonekera, ndipo timipata timeneti ndi tomwe timadya nthawi yambiri pokonza. Zilowetseni m'kati mwa nsapato, kapena mumange mfundo yaifupi yogona pa lilime. M'kati muikemo mapepala kuti nsapato iime bwino. Mphindi imodzi pamenepa imakupulumutsani mphindi khumi za kukanda sikirini ndi chala.

Tilowe mu Canva. Pangani tsamba latsopano posankha Custom size, mulembe 1080 ndi 1080, muyezo ukhale px. Chithunzi chofanana mbali zonse chimakhala bwino pa Facebook, pa Instagram ndi pa mndandanda wa katundu wa WhatsApp Business. Tsambalo limabwera loyera kale, koma ndi bwino kutsimikiza: dinani pa tsamba, mutsegule mtundu wake, muone kuti nambala yake ndi #FFFFFF. Imeneyi ndiyo yoyera yeniyeni. Kenaka pitani ku Uploads, mukweze chithunzi, muchiike pa tsamba. Chenjerani kuti chisalowe ngati chakumbuyo cha tsamba lonse, chikhale chithunzi choyandama chomwe mungachisunthe. Chidineni, musankhe BG Remover, batani lochotsa zakumbuyo lija. Canva imakonda kusuntha mabatani ake, ndiye ngati simukuliona pa mzere wa zida, lili m'kati mwa Edit. Pakapita masekondi angapo simenti ija yapita.

Batani limeneli ndi la Canva Pro, yolipira, ndipo limadziwika ndi kachisoti kachifumu pambali pake. Ndibwereranso ku nkhani ya ndalamayi. Pakadali pano tinene za chomwe chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongothamangira.

Musakhulupirire zomwe mukuona pa tsamba loyera. Zotsalira zotuwa sizioneka bwino pa zoyera, makamaka pa foni padzuwa, ndipo mbali ya soli yomwe yadyedwa sionekanso chifukwa yoyera yalowa m'malo mwa yoyera inzake. Sinthani mtundu wa tsamba kwa kanthawi, likhale lofiira kwambiri kapena lobiriwira. Pamenepo zonse zimaululika. Kuzani chithunzi ndi zala ziwiri, muyende m'mphepete mwa nsapato kuzungulira. Pa nsapato yathu malo okayikitsa ndi odziwika: pansi pa soli pomwe chithunzithunzi chinagundana ndi labala, kachingwe kokokera kakuchidendene komwe kali ndi bowo pakati, ndi nsonga za zingwe. Mukadinanso BG Remover mumapeza maburashi awiri. Erase imafufuta zomwe zatsala, Restore imabweza zomwe zadyedwa molakwika. Chepetsani kukula kwa burashi, mugwire pang'onopang'ono. Pobweza soli, ndi bwino kubweza mopitirira pang'ono kenaka n'kudula ndi Erase, kusiyana ndi kuyesa kulondola mzere ndi dzanja limodzi kamodzi. Mukakhutira, bwezerani tsamba ku #FFFFFF.

Mukapeza kuti mukukonza malo ambirimbiri, siyani, kajambuleninso. Nsapato ili pomwepo pa benchi. Kujambulanso pa malo abwino n'kwachangu kuposa kupulumutsa chithunzi choipa.

Kukula kwa nsapato pa tsamba kutsate muyezo uja wa 85 peresenti. Pa tsamba la 1080, siyani mapikiselo 80 kumanzere ndi 80 kumanja, nsapato itenge 920 otsalawo. Ikokeni pa ngodya, osati m'mbali, kuti isadulidwe. Mukaisuntha, Canva imaonetsa mizere ikafika pakati penipeni. Soli ikhale yogona mowongoka. Ngati foni inapendekeka pojambula, tembenuzani chithunzi pang'ono mpaka pansi pa nsapato palingane.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaona kuti chinachake sichili bwino koma osadziwa kuti n'chiyani. Nsapato yayera, yadulidwa bwino, koma ikuoneka ngati ili m'malere. Chifukwa chake n'chakuti pochotsa simenti tachotsanso chithunzithunzi, ndipo diso la munthu limadziwa kuti chinthu chili pansi poona kamdima komwe kali pomwe chagunda. Mu Edit muli Shadows, ndipo m'menemo muli Drop. Imeneyi imagwira bwino pa katundu wojambulidwa kuchokera pamwamba, monga malaya oyalidwa kapena ndolo, chifukwa imaika kamdima kumbuyo kwa chinthu chonse ngati chagona pa pepala. Pa nsapato yojambulidwa cham'mbali, Drop imaipangitsa kuoneka ngati chomata pakhoma. Njira yomwe ndimakonda ndi ina: pitani ku Elements, mufufuze mawu akuti shadow, musankhe kamdima kozungulira kofewa m'mphepete, mukaphwatalale kuti kakhale kopyapyala, kotalika ngati soli. Kaikeni kunsi kwa nsapato, mupite ku Position mukabweze kumbuyo, kenaka muchepetse Transparency mpaka kangooneka pang'ono chabe. Munthu akayamba kukaona kamdimako asanaone nsapato, ndiye kuti kachuluka. Pa soli yoyera kamdima kameneka kali ndi ntchito yachiwiri, chifukwa ndi komwe kamalekanitsa labala woyera ndi tsamba loyera.

Kenaka mitundu. Mu Adjust muli mabatani okoka ambiri, ndipo chiyeso chimakhala chowakoka onse. Chinthu chilichonse chikaikidwa pa zoyera mbee chimaoneka chakuda kuposa momwe chinalili, ndiye kukweza Brightness pang'ono n'koyenera. Ngati nsalu yakuda ya pamwamba yangokhala bii osaonetsa maluko ake, kwezani Shadows ya mu Adjust, osati Brightness, kuti soli isapserere. Ngati kubiriwira kwa lona kunalowabe, kokerani Temperature ku mbali yachikasu pang'onopang'ono mpaka soli iyere. Saturation ndiye ndimati musaikhudze n'komwe. Imakometsa chithunzi, zoona, koma wogula sagula chithunzi. Nsapato yofiira modera ikaoneka yofiira psuu pa foni, munthu n'kukwera minibasi kubwera kudzaiona, kapena kutumiza ndalama pa foni katundu n'kumupeza ku Mzuzu ali wosiyana, mkangano wake ndi wanu. Muyezo ndi wosavuta: gwirani nsapato yeniyeniyo dzanja limodzi, foni dzanja lina, pa mthunzi womwe munajambulira uja, muyerekeze. Soli ya kaunjika yomwe yachita chikasu ndi ukalamba isiyeni ndi chikasu chake. Chimodzimodzi pokalika ndi pomwe ulusi wasomphoka. Burashi ya Erase ndi ya simenti, si ya zilema za katundu.

Pali china chomwe ogulitsa kunja saganizira koma kwathu kuno n'chenicheni. Chithunzi chikayera kwambiri, wogula amayamba kukayika kuti mwangochitenga pa intaneti, katunduyo mulibe. Anthu anapusitsidwapo kokwanira moti kukayikako n'koyenera. Choncho chithunzi choyera chikhale choyamba, choitanira, koma chitsatane ndi china chosakonzedwa: nsapato yomweyo ili m'manja mwanu pa benchi, soli itatembenuzidwa kuti aone momwe yathera, ndi kachikwangwani ka saizi ka pa lilime. Tsamba loyera limabisanso kukula kwa chinthu, nsapato ya mwana ndi ya bambo zimadzaza mofanana, ndiye saizi ilembedwe. Ngati mulemba pa chithunzi pomwepo, mawu ochepa akuda pa ngodya yam'munsi akwanira: Saizi 42, ndi dzina la bizinesi. Mtengo ine sindiulemba pa chithunzi. Mitengo imasintha, ndipo chithunzi chakale chimapitirira kuzungulira m'magulu a WhatsApp ndi mtengo wa chaka chatha.

Potsitsa, dinani Share, kenaka Download. Sankhani JPG pa chithunzi chotumiza kwa makasitomala, chifukwa ndi chopepuka ndipo kumbuyo koyerako kumakhala komatirira. PNG ili ndi bokosi lakuti Transparent background, lomwe limasunga nsapato yokha popanda tsamba. Limeneli ndi lothandiza posunga, koma osati potumiza: mapulogalamu ena akalandira chithunzi chotere amadzaza malo opanda kanthuwo ndi mtundu wakuda, ntchito yanu yonse n'kutembenuka. WhatsApp imafinyanso zithunzi kuti zipepuke, ndipo kufinyako kumaonekera kwambiri m'mphepete mwa chinthu chakuda pa tsamba loyera. Kuyambira 2023 muli batani la HD, lochepetsa kufinyako, pamwamba pa chithunzi musanatumize. Ligwiritseni ntchito likapezeka. Komanso musakweze mu Canva chithunzi chomwe munthu wakutumizirani pa WhatsApp. Chafinyidwa kale, malire ake ndi osokonekera, ndipo BG Remover imadula mokhakhala. Chichokere m'foni yomwe inajambula, kapena achitumize ngati Document.

Nsapato yoyamba ikatheka, zotsatira zimafulumira. Dinani Duplicate page, mufufute nsapato yakale, muike yatsopano pa malo omwewo, kamdima ndi mawu zili pomwepo. Ubwino wake si changu chokha. Munthu akatsegula mndandanda wanu n'kuona nsapato zonse zikuloza mbali imodzi, zofanana kukula, zitakhala pa mzere umodzi, m'pamene amaona kuti ndi sitolo. Kufananaku kumagwira ntchito kuposa kukongola kwa chithunzi chimodzi. Ndiye pojambula, ikani chizindikiro pansi pomwe nsapato ikhale ndi pomwe inu mugwade, zonse zijambulidwe nthawi imodzi kuwala kusanasinthe.

Za ndalama tsopano. Canva Pro imalipiridwa ndi khadi ya ku banki yotha kugula pa intaneti, ndipo nthawi yoyeserera yaulere imafunanso khadi. Mukapanda kuimitsa isanathe, amadula okha. Kwa munthu wa benchi limodzi, nzeru n'kusonkhanitsa ntchito: kutsegula belo, kuchapa, kujambula zonse, kenaka kulipira mwezi umodzi n'kudula zithunzi zonse nthawi imeneyo, ndikusunga chilichonse kawiri, JPG yoyera ndi PNG yopanda tsamba. PNG ija mungadzaiike pa tsamba lililonse mtsogolo ngakhale muli pa Canva yaulere. Ena amagula malo otchipa m'magulu a Pro omwe amatsatsidwa pa intaneti ndi anthu osadziwika. Gulu lotere mwini wake ndi wina, akhoza kukuchotsani kapena kutsekeredwa tsiku lililonse, ndiye chilichonse mwapanga m'menemo chitsitsidwe tsiku lomwelo. Bandulo nayo iwerengeredwe, poti Canva imagwira ntchito imeneyi pa intaneti: chithunzi cha foni ya mamegapikiselo 12 chimalemera mamegabaiti atatu kapena anayi, ndiye zithunzi 30 zikudyerani mamegabaiti pafupifupi 100 pokweza pokha. Kudula chithunzi m'foni musanakweze, kusiya nsapato ndi malo pang'ono ozungulira, kumachepetsa kulemerako.

Popanda Pro njira ilipo, koma ndi ya katundu wakuda kapena wamitundu, osati nsapato yathu ya soli yoyera. Tengani pepala lalikulu loyera la manila, mumate mbali imodzi pakhoma, mbali ina igone pa tebulo, pakati pakhote mofewa popanda kupinda, kuti pasaoneke mzere pomwe khoma lakumana ndi tebulo. Kamera ikaona zoyera zambiri imadzichepetsera kuwala yokha, n'chifukwa chake pepala loyera limatuluka lotuwa. Mukadina pa katundu, kokerani m'mwamba kachizindikiro ka dzuwa kapena kamzere ka kuwala komwe kamabwera pa sikirini, mpaka pepala liyere koma katundu asanayambe kufwifwa. Mu Canva kwezani Whites ndi Highlights mu Adjust, zomwe ndi zaulere. Kuti mudziwe ngati mwafika, chepetsani chithunzi pa tsamba la #FFFFFF: mukaona malire a bokosi, pepala likadali lotuwa. Nthawi zambiri ngodya zimakanirira. Zikatero musakakamize mpaka katundu kuwonongeka, ingokuzani chithunzi chidzaze tsamba lonse, malirewo asowe. Kutuwa pang'ono kofanana paliponse sikuipa m'maso, ndipo njira imeneyi imasunga chithunzithunzi chenicheni chomwe Pro imachotsa.

Njira ya pepalayi ndiyonso yoyenera pa katundu wina ngakhale muli ndi Pro. Botolo la uchi kapena la mafuta ophikira limaonekera m'kati, ndiye zomwe zinali kumbuyo kwake zimatsalira m'galasi ngakhale kunja kutachotsedwa. Mukalijambulira pa simenti, uchi umatuluka wakuda ndi simenti yake m'kati. Dengu lolukidwa motalikirana lili ndi timabowo mazanamazana tomwe palibe angatikonze ndi chala. Mawigi ndi nsalu za leisi ndi chimodzimodzi. Zonsezi zijambulidwe pa pepala loyera kuyambira pachiyambi, kuti chilichonse chotsalira m'timipata chikhale choyera kale. Pa botolo, ikani timakatoni tiwiri takuda kumanzere ndi kumanja, kunja kwa chithunzi: timanyezimira m'mphepete mwa galasi n'kujambula mizere iwiri yopyapyala yakuda yomwe imaonetsa pomwe botolo lathera, ndipo ndi mizere imeneyi BG Remover imapeza podula popanda kudya mapewa a botolo.